Dzina la Katundu Likawoloka Malire

Mwatipempha kuti tilankhulepo za mayina a katundu, ndipo nkhaniyi yafika pa nthawi yake. Ambiri mwa ife tasiya kugulitsa zopima ndi kapu m'beseni, tayamba kulongedza chiponde m'mabotolo, nsinjiro ndi ufa wa phala m'mapaketi, sopo m'mapepala. Botolo limafuna lebulo, lebulo imafuna dzina, ndipo ndalama zosindikizira malebulowo kawirikawiri zimakhala za ngongole ya pagulu. Dzina likakanika, mapepala aja amangokhala oyatsira mbaula, koma ngongole imabwezedwa ndithu ndi chiwongoladzanja chake.

Ife timakonda mayina a m'chilankhulo chathu, ndipo tikulimbikira kuti ndiwo abwino. Onani ndalama zimene zili m'zikwama mwathumu. Mawu akuti kwacha anawaika pa ndalama ku Zambia mu 1968, ku Malawi mu 1971, ndipo Mchewa ndi Mbemba onse amamva chimodzimodzi kuti kunja kwayera. Amene anatcha ndalama za pafoni kuti Mpamba sanavutike kufotokoza, chifukwa mayi aliyense wa geni amadziwa kuti mpamba ndi chiyani. Dzina lotere limagwira ntchito lokha. Koma pali chinthu chimodzi chimene tikufuna kuti tichigwiritse lero: dzina timaliyamba ndife, amalimaliza ndi wogula. Iye amamva zimene zili m'khutu mwake, ndipo ife sitikhalapo kuti timuwongolere.

Tiyambe ndi miyambi, poti ndiyo imatikopa kwambiri. Mwambi wathunthu sukwana pa botolo, choncho timadulako mawu amodzi kapena awiri. Vuto ndi lakuti munthu amene anakulira kumudzi sangamve theka la mwambi osamaliza theka linalo mumtima. Tinene kuti mwaphika jamu wa mango, mwaona kuti mawu akuti Chikomekome akumveka bwino pakamwa, mwawalemba pa botolo. Wogula akangowerenga, mutu wake wamaliza kale: cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwamuuza nokha kuti katundu wanu ndi wokongola kunja kokha. Chimodzimodzi Ichi Chakoma, chifukwa kumapeto kwake pusi anagwa chagada. Gulu lina lingafune kuonetsa umodzi n'kutcha saluni yawo Chala Chimodzi. Tanthauzo la mwambiwo ndi labwino ndithu, koma mawu ake omaliza ndi nsabwe, ndipo palibe mayi amene amafuna kukumbutsidwa nsabwe atakhala pa mpando wolukira tsitsi.

Miyambi yathu yambiri ndi yochenjeza. Imayamba ndi chokoma, n'kuthera pa chowawa: walira mvula walira matope. Ndiye mawu okoma ali kumutu, mbola ili kumchira. Mukafuna kudula, yambani mwanena mwambi wonse mokweza mpaka pothera, muone ngati mawu onse amene ali m'menemo mungakonde kuti akhale pafupi ndi chakudya chanu. Ndipo funsaninso kuti mwambiwo amaunena pati. Ulipo wonenedwa pa ukwati, ulipo wonenedwa pa bwalo la milandu, ulipo umene umamveka pa maliro pokha. Agogo a pamudzi amadziwa zimenezi kuposa ife.

Tsopano tiwoloke malire, poti ndiko kuli msampha waukulu. Zilankhulo zathu m'chigawo chino ndi za mtundu umodzi, mawu ambiri amafanana. Nyama ndi nyama kuyambira ku Kariakoo mpaka ku Mbare. Kufananako n'kumene kumatigonetsa tulo, chifukwa timayamba kuganiza kuti mawu onse amayenda chomwecho. Mnzathu wa ku Harare akati tinogona, akunena kuti timatha, ndife akatswiri. Mayi wa ku Lilongwe akawerenga zimenezo pa chikwangwani cha telala amamva kuti eni malowa anagona. Kwa Mshona kutamba ndi kusewera kapena kuvina, mawu abwino oika pa zidole za ana. Kwa ife kutamba ndi za usiku zija, za afiti. Tsoka kwa iwo ndi phazi, ndipo wogulitsa nsapato kumeneko angalilembe mosaopa. Kaya kwa Mtumbuka ndi kumudzi, ikhaya kwa Mzulu ndi kunyumba, koma pa Chichewa kaya ndi mawu okayika. Wogula akafunsa kuti ufawu ndi wabwino, paketi n'kumuyankha kuti kaya, malonda athera pomwepo. Aliponso mawu amene anzathu a Chishona amatchulira mwana wamwamuna wa mfumu, amene ife sitingawatchule pamaso pa apongozi. Amene akuwadziwa akuseka kale kumbuyoko.

Kuti zimveke bwino, tiyeni tigwire ntchitoyi limodzi ndi chitsanzo. Tiyerekeze gulu la amayi khumi ndi asanu ku Mchinji, kumene mtedza suvuta. Agula makina ogayira, akupanga chiponde, ndipo akufuna kuchigulitsa kwawo, ku Chipata ndi ku Lusaka, ku Tete, ku Harare, komanso kutumiza makatoni angapo kwa anzawo a ku Songwe amene amawoloka kupita ku Kyela. Akhala pansi pa mtengo, alemba mayina asanu: Chikondi, Konda, Moyo, Chipande ndi Denga.

Sefa yoyamba sifuna ndalama kapena ulendo. Dzina lililonse aliike m'ziganizo zimene zimanenedwa pa benchi tsiku ndi tsiku. Pamsika timafunsana ngati katundu alipo, timati watha, wakwera, wawonongeka, ndipo wogulitsa amamutcha ndi dzina la katundu wake: amayi a tomato, amayi a usipa. Ndiye yesani. Chikondi chilipo? Chatha. Chikondi mukupanga bwanji? Pitani kwa amayi ogulitsa chikondi aja. Mwamva nokha. Anyamata a pa depoti dzina limenelo angalilandire ndi manja awiri, ndipo mayi wa ulemu wake angavutike nalo mpaka kusamuka pa benchi. Moyo ndi mawu okongola, ndipo amawoloka malire bwino, chifukwa pa Chiswahili ndi pa Chishona amatanthauza mtima. Koma mwana wotumidwa adzabwerera kunyumba n'kunena kuti amayi, moyo watha. Ena angaseke n'kugulabe, ena sangakonde, makamaka ngati chiponde chija amagulira wodwala. Kuwonjezera apo, ku Zimbabwe Moyo ndi mfunda wa anthu ambirimbiri, ndiye wogula angaganize kuti ndi bizinesi ya banja lina la kumeneko. Mayina awiri agwa tisanachoke pansi pa mtengo.

Atsala atatu, ndipo Konda akuoneka ngati wapambana. Ndi lalifupi, silivuta kulemba, mwana aliyense angalitchule, ndipo Konda watha sizipweteka khutu. Apa ndi pamene timafunika anzathu a kutsidya. Pa Chiswahili, kukonda ndi kuwonda. Chakudya chimene mukuuza amayi kuti azithira m'phala la ana kuti anenepe chalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti wonda. Ku Tanzania komweko konda ndi kondakitala wa minibasi. Ndipo si kumpoto kokha: pa Chibemba kuwonda amati ukonda, ndiye ku Lusaka nako ena adzamva zomwezo. Tikadali pa Chiswahili, samalani ndi mawu athu a kukoma, amene timathamangira kuwaika pa chakudya chilichonse. Kumeneko koma ndi kulamula munthu kuti aleke, ndipo ukoma ndi khate.

Chipande ndi dzina limene ife tikanalikonda koposa onse. Likuchokera m'mwambi umene ukunena za ife tomwe, wakuti chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana. Mwambiwo ndi wabwino kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo chipande ndi chiwiya cha kukhitchini chimene chimajambulika bwino pa lebulo. Pa Chiswahili kipande ndi chidutswa, pa Chibemba icipande ndi chimodzimodzi, palibe choipa. Koma ku Zimbabwe chipande ndi vuto la liwombo la khanda, lija limalowa m'kati mwana akadwala, limene ena kumeneko amati nhova. Mayi wa ku Mbare sangagulire mwana wake botolo lolembedwa dzina la matenda a makanda. Apa gulu liyenera kusankha. Ngati Harare ndi msika wa makatoni awiri pa chaka, angathe kusunga dzinalo n'kuusiya msikawo, kapena kusindikiza lebulo ina ya kumeneko. Ngati Harare ndiye msika waukulu, Chipande atsale. Dzina siliyenera kukoma m'mayiko onse a pansi pano, liyenera kukoma kumene katundu wanu amapita ndi kumene mukulinga kupita zaka zikubwerazi.

Latsala Denga, lochokera m'mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga. Taonani kusiyana kwake ndi Chikomekome uja. Apa tatenga mawu a kumchira, ndiye wogula alibe choti amalize. Akakumbuka mwambiwo amabwerera m'mbuyo, n'kupeza anthu ambiri atasenza chinthu chimodzi, zimene ndi zoona za gululo. Denga latha, denga lakwera, amayi a Denga: palibe chochititsa manyazi. Pa Chishona denga ndi denga lomweli, komanso ndi kumwamba. Pa Chizulu likuyandikana ndi thenga, kugula. Lili ndi zilema zake ziwiri. Choyamba, kwa Mshona kudenga ndi kumene amapita omwalira, ndiye pa lebulo pasakhale chithunzi cha mitambo, pakhale nyumba ya udzu ndi amayi atanyamula denga. Chachiwiri, dzinali silinena kuti m'botolo muli chiyani. Zimenezo zimakonzedwa ndi mzere wa pansi pake, wa zilembo zing'onozing'ono: chiponde, dovi kwa a ku Zimbabwe, siagi ya karanga kwa a ku Tanzania, manteiga de amendoim kwa a ku Mozambique, ndi Chingerezi chake.

Tanena Mozambique, ndiye tichenjezane za Chipwitikizi, chifukwa sichili pa ubale ndi zilankhulo zathu ndipo khutu lathu silitichenjeza. Ku Angonia ndi mbali zina za Tete timalankhula Chinyanja bwinobwino ndi ogula, koma lebulo amaiwerenga ndi maso a kusukulu, a Chipwitikizi. Mawu athu a kuputa, mukawadula n'kutsala puta, kumeneko ndi kutukwana mkazi koipitsitsa. Bunda kwa ife ndi phiri ndi sukulu ya zaulimi, ndipo munthu wa kufupi ndi kumeneko angafune kutcha uchi wake dzina la kwawo, koma pa Chipwitikizi ndi matako. Komanso ch wathu iwo amamuwerenga ngati sh, ndiye dzina loyamba ndi chi lidzatchulidwa mosiyana ndi mmene mumalitchulira inu. Izi si zoopsa, bola mudziwe kuti pa foni wogula wa ku Tete akaitanitsa katundu adzalitchula mwa njira yake.

Kalembedwe nako kali ndi misampha yake, ngakhale kwathu komwe. Kachizindikiro kaja ka pamwamba kamene timalemba mu ng'oma ndi m'bale kamatayika kawirikawiri: wosindikiza amakaiwala, wolemba chikwangwani amakaona ngati kadontho ka utoto, ndipo mafomu ena a pa foni sakalandira. Kakatayika, ng'oma yasanduka ngoma, nyama ya m'tchire, m'bale wasanduka mbale yodyera. Pang'onopang'ono ndi mtolo ndi mwambi wa ife osunga ndalama, koma pa botolo ndi wautali ndipo uli ndi tizizindikiro tiwiri toti titayike. Palinso ph. Ife timadziwa kuti phala ndi phala, koma amene anaphunzira kuwerenga m'Chingerezi chokha, kapena Mswahili amene alibe ph m'kalembedwe kake, angathe kuwerenga kuti fala, ndipo fala pa Chiswahili cha m'tauni ndi chitsiru. Mawu ngati mtengo ali ndi vuto lina: pakamwa timasiyanitsa wa m'nkhalango ndi wa pamsika ndi kakwezedwe ka mawu, koma papepala ndi amodzi.

Nanga kufunsako timafunsa bwanji? Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amatumiza uthenga wakuti tasankha dzina lakuti, likutanthauza chakuti, mukuliona bwanji. Mnzanu wa ulemu adzayankha kuti lili bwino, poti mwamuuza kale yankho ndipo safuna kukukhumudwitsani. Njira yabwino ndi kutumiza dzina lokha, m'mawu ojambulidwa pa foni, osanena tanthauzo kapena katundu wake. Mufunse kuti wamva chiyani, mawuwa akufanana ndi mawu ati a kwawo, ndipo alembe mmene wamvera. Akalemba mosiyana kwambiri ndi mmene mumalembera inu, dziwani kuti ogula adzavutika kulifunafuna. Kenako mutumizireni munthu wina dzina lolembedwa, iye alitchule, inu mumvere. Pomaliza ndiye muulule kuti ndi la chiponde, mufunse ngati angagulire mwana wake.

M'dziko lililonse mufunse anthu osachepera atatu, ndipo akhale osiyana. Mayi wachikulire amadziwa miyambi, matenda ndi za miyambo, ndiye amene angagwire chipande uja. Wogula wamba, wofanana ndi amene adzaime pa benchi, amakuuzani ngati dzinalo likumukopa. Wachitatu ndi mnyamata wa pa siteji kapena wa kabaza. Ameneyu musamudumphe ngakhale mukuchita naye manyazi, chifukwa mawu a m'tauni amasintha chaka ndi chaka, ndipo mawu osalakwa a dzulo lero angakhale dzina la chamba, la kachasu kapena la ziwalo zobisika. Nthawi zambiri mkazi wamkulu sangakuuzeni mawu otukwana, amangoti dzinali ayi, pezani lina. Mukamva choncho musakakamire kuti afotokoze, tumani mtsikana wa msinkhu wa mwana wake akafunse kuseri. Chizindikiro china ndi kuseka. Munthu akamva dzina n'kuyamba waseka asanayankhe, kapena n'kuitana mnzake kuti adzamve nawo, pali kanthu.

Kumbukiraninso kuti dziko limodzi lili ndi zilankhulo zingapo. Kufunsa ku Chipata sikukwanira ngati katundu akupita ku Kitwe, kumene kuli Chibemba. Kufunsa ku Harare sikukwanira ngati akupita ku Bulawayo, kumene kuli Chindebele. Kwathu komwe, dada ku Mzimba ndi bambo, ku Dar es Salaam ndi mchemwali, ku Harare kudada ndi kunyada kodzikweza, ku Durban idada ndi bakha. Mwayi wathu ndi wakuti m'chipinda chino muli makutu a zilankhulo zonsezi, ndipo kufunsana sikulipiritsa.

Dzina likadutsa m'masefa onsewa, musathamangire kusindikiza malebulo 1,000 chifukwa wosindikiza wati ambiri amatchipa. Sindikizani 20 kapena 30, muwaike pa benchi masabata awiri kapena atatu, mumvere mmene ogula akuitanira katunduyo. Msika umadula mayina ataliatali ndipo umapereka mayina akeake. Mukalemba Tikondane adzati Tiko, mukajambula tambala pa lebulo adzati chiponde cha tambala, dzina lanu osalitchula n'komwe. Chidule chimenecho nacho chiyesedwe, chifukwa ndicho chidzayende.

Tisanakhale pansi, mawu ochepa a zamalamulo, poti dzina labwino limakopa akuba. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi kulembetsa chizindikiro cha malonda ndi zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba chimakulolani kuchita malonda m'dzinalo, chachiwiri ndicho chimaletsa wina kumata dzina lanu pa botolo lake. Mwambi ndi wa tonse, palibe angautsekere m'thumba, koma mawu akuti Denga pa chiponde, pamodzi ndi chithunzi chake, angathe kulembetsedwa ngati wina sanayambe kale. Mawu ongofotokoza katundu, monga Chiponde Chokoma, kawirikawiri amakanidwa, chifukwa aliyense wopanga chiponde ali ndi ufulu wonena kuti chake n'chokoma. Apa dzina la m'mwambi limaposa dzina lofotokoza. Zizindikiro amazilembetsa m'magulu 45 malinga ndi mtundu wa katundu, ndipo chiponde chili m'gulu 29, ndiye pofufuza ngati dzina lili ndi mwini, muyang'ane m'gulu la katundu wanu.

Chitetezo chimenechi chimathera pa malire. Chikalata cha ku Malawi sichigwira ntchito ku Chipata. Kumeneko mupite ku PACRA, ndipo ku South Africa ndi ku CIPC. Ku Harare kuli likulu la ARIPO, kumene pempho limodzi lingathe kufikira mayiko angapo amene analowa m'pangano la zizindikiro, monga Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, koma South Africa mulibe. Kwa gulu ngati la ku Mchinji lija, nzeru ndi kuyamba kufufuza ndi kulembetsa kwawo, kenako m'dziko limene limatenga makatoni ambiri, enawo azitsatira pamene mpamba ukukula. Kufufuzako kuchitike malebulo 1,000 aja asanasindikizidwe, ndipo mtengo wake ulowe m'pempho la ngongole limene mukabweretse ku gulu, pamodzi ndi mabotolo ndi mtedza.